Kutopa ndi ntchito kapena matenda a kukhumudwa?

Anzanga a m'zipatala za muno mu Lusaka, yang'anitsitsani zomwe zimachitika pa tchuthi. Namwino wotopa ndi ntchito amadana ndi wodi, amayankha odwala mwaukali, koma akapuma sabata imodzi kwawo ku Chipata, tulo timabwera, nsima imakoma, amaseka ndi ana. Vuto lake lili kuntchito, ndipo limachepa akamuchepetsera mashifiti ausiku.

Matenda a kukhumudwa satsala pageti. Amamutsatira mpaka kunyumba ndi kutchalitchi: kwa masabata awiri kapena kuposa, pafupifupi tsiku lililonse, palibe chomusangalatsa, ndipo amadziona wachabechabe pa zonse, osati pa unamwino wokha. Apa tchuthi chokha sichithandiza, akaonane ndi dokotala wa zamaganizo, ku Chainama aliko. Akangotchula zodzipha, musadikire masabata awiriwo, mupite naye tsiku lomwelo.