Kalata ya Simenti Imene Sindinatumize

Ndimagulira kampani ina katundu ku Moatize, ndipo makalata ambiri amakompyuta timalemba mu Chingerezi. Wogulitsa simenti atandifunsanso tsiku lobweretsera katundu, ndinapsa mtima n’kulemba kuti "per my last email", kutanthauza kuti monga ndinanenera kale m’kalata yanga yapitayo. Mnzanga wa mu ofesi ataona anaseka, amvekere: "Achimwene, apatu mwamuuza kuti sadziwa kuwerenga."

Ankanena zoona. Mawuwo amaoneka aulemu koma amaloza munthu chala, ndipo tsiku lenilenilo mulibemo. Ndinawafufuta n’kulemba kuti "Delivery is Friday, 200 bags", basi. Anayankha masana omwewo.

Panopa ndisanatumize ndimafufuza mawu okumbutsa munthu kulakwa kwake, monga "as already stated". Ndikawapeza ndimaikapo yankho lenilenilo, ngakhale kuti kubwereza kumandiwawabe.