Mtengo wapashelefu ndi msonkho wa VAT

Ngati muli ndi golosale kapena shopu ya hadiweya ndipo munalembetsa VAT ku MRA, lembani pashelefu mtengo womwe muli kale msonkho. Wogula akaona K20,000 pa chitini cha penti, kenako pakauntala mukumuuza kuti ndi K23,300, amaona ngati mwamubera, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Pa kotesheni yopita ku kampani ndi posiyana. Onetsani mtengo wopanda msonkho, msonkho pawokha, kenako zonse pamodzi, chifukwa kampani yolembetsa imadzabwezeredwa msonkhowo. Amene simunalembetse, musamawonjezere VAT n'komwe.

Pomwe ambiri amaphonya ndi pochotsa msonkho mumtengo womwe uli nawo kale. Tiyerekeze ndi 16.5 peresenti, mlingo umene unagwira ntchito zaka zambiri kuno. Inu mugwiritse ntchito umene MRA ikulipiritsa panopa. Penti wagulidwa K23,300. Wina amangotenga 16.5 peresenti ya K23,300 n'kupeza K3,844.50. Walakwitsa, chifukwa msonkhowo unawerengedwa pa mtengo woyamba uja, osati pa ndalama yonse yomwe wogula wapereka.

Njira yolondola ndi iyi: gawani K23,300 ndi 1.165, kutanthauza 1 kuphatikiza 0.165 ya msonkho ija, mupeza K20,000. Ndalama yanu ndi imeneyo, ndipo K3,300 yotsalayo ndi ya boma. Njira yolakwika ija imakudyerani K544.50 pa chitini chilichonse, ndiye ganizirani mutagulitsa zitini 100.

Pofuna kutsimikiza, chulukitsani mtengo womwe mwapezawo ndi 1.165. Ukapanda kubwerera pa K23,300, pena pake pasokonekera.