Vidiyo ya agogo inabisala mu Downloads

Agogo anga anadawunilodi vidiyo ya kwaya ya kumpingo kwawo pa Chrome, kenako akuti yasowa, mu Gallery mulibe. Tinazimitsa foni nkuyatsanso, palibe chinasintha. Kumeneko akufuna adawunilodenso, bandulo yake iti?

Foni yawo ndi itel, ndiye ndinatsegula File Manager nkudina Downloads, vidiyo ija ili phee pamwamba penipeni, kungoti dzina lake linali manambala okhaokha. Gallery imayamba kuonetsa zithunzi za kamera, zodawunilodi zimakhala mu Albums pa foda ya Download, apa mpamene panagona nkhani. Ndinawauza kuti "agogo dinani nokha ndi chala chanu", anabwereza mpaka anazolowera. File Manager ndinaikokera pa sikirini yoyamba pafupi ndi WhatsApp kuti asamavutike kusaka. Sizinadye bandulo olo pang'ono.