Musanakumbe maziko pamchenga wa madzi, yesani nthaka

Ambiri a ife amene tikukhala kuno ku Harare, ku Mbare, Mufakose kapena Epworth, timatumiza ndalama kumudzi kuti abale atimangire nyumba. Ngati malowo ali m'mbali mwa nyanja kapena kuchigwa cha Shire, yambani mwafunsa za nthaka musanagule njerwa.

Mchenga wosatsendereka uli ndi timipata tambiri pakati pa timiyala take. Madzi apansi akakhala pafupi, timipatato timadzaza madzi. Masiku onse nyumba imakhazikika bwino chifukwa timiyalato timagwirana, ndipo ndi timene timasenza kulemera kwake. Chivomezi chikagwedeza nthaka, timiyala timafuna kupanikizana, koma madzi sapeza mpata wothawira msanga. Mphamvu ya madzi opanikizikawo imakwera mpaka timiyala timaleka kugwirana, mchenga wonse n'kusanduka ngati phala. Pamenepo nyumba imamira kapena kupendekeka, thanki ya chimbudzi yokwirira imatha kuyandama, ndipo madzi amatumphuka pansi atatenga mchenga. Izi zinaoneka ku Machaze m'dziko la Mozambique mu February 2006, pa chivomezi chomwe chinamveka mpaka kuno ku Harare, komanso ku Karonga mu December 2009. Kuno zivomezi zamphamvu n'zosowa, koma kunyanja ndi ku Shire kuli mng'alu waukulu wa pansi pa dziko, n'chifukwa chake ndikulimbikira za kumudzi.

Tinene kuti mwapeza malo ku Salima, pafupi ndi gombe. Uzani omanga akumbe dzenje lakuya mamita 2 nthawi ya dzinja, osati m'chilimwe pamene madzi atsika. Alisiye usiku wonse. Ngati m'mawa muli madzi ndipo makoma ake akugumuka, chenjerani. Atenge dothi la pansipo alifinye m'manja: dongo limaumbika ndipo kawirikawiri silisungunuka ngati phala pa chivomezi, pamene mchenga wosalala umangomwazika. Akathire mchengawo mundowa, athiremo madzi mpaka afike pamwamba pake, aikepo mwala, kenaka amenye ndowayo m'mbali mobwerezabwereza. Mwala ukamira, mwaona ndi maso zimene zingachitikire maziko anu.

Kuyesa kumeneku kumangoona pamwamba, pomwe mchenga woopsa umatha kukhala mamita 10 pansi. Pa nyumba yosanja kapena tchalitchi, itanani injiniya. Iye amakhomera chitoliro pansi ndi nyundo ya makilogalamu 63.5, n'kuwerenga kuti yamenya kangati kuti chilowe masentimita 30. Kuchepera ka 10 ndiye kuti mchengawo ndi wofooka. Kupitirira ka 30 ndi wolimba.

Ngati malowo ndi ofooka, ine ndimati sunthani mupite pamtunda. Zikakanika, tsenderani dothi lothira m'magawo a masentimita 15, ndipo m'malo mwa maziko a ngalande thirani silabu imodzi ya zitsulo pansi pa nyumba yonse. Silabuyo siletsa mchenga wakuya kusungunuka, koma imathandiza kuti nyumba itsike pamodzi osang'ambika pakati, anthu n'kupeza mpata wotuluka.