Momwe mungachongere yankho la funso la mlandu pa mayeso a zamalamulo

Funso la mlandu limapatsa wophunzira nkhani yopeka kuti alangize mmodzi mwa okangana. Yankho lake limachongedwa m'magawo anayi: pagona mkangano, lamulo lokhudza mkanganowo, kulumikiza lamulolo ndi zomwe zachitika, ndi chigamulo. Tigwiritsa ntchito funso limodzi la malikisi 20.

Lolemba, wogulitsa akulembera wogula kuti amugulitsa njinga yamoto pa K2,000,000, ndipo ayankhe pofika Lachisanu. Lachiwiri wogula akufunsa kuti, "Kodi mungalole kuti ndilipire ndalamazi m'magawo awiri?" Wogulitsa sakuyankha, ndipo Lachitatu akugulitsa njingayo kwa munthu wina osamuuza wogula. Lachinayi wogula akutumiza uthenga wovomera mtengo wonse, ndipo uthengawo ukufika tsiku lomwelo. Langizani wogula.

Musanatsegule pepala la wophunzira aliyense, yankhani nokha funsoli ndipo mugawe malikisi. Ine ndimapereka 3 pa kupeza mkangano, 5 pa lamulo, 9 pa kulumikiza ndi 3 pa chigamulo.

Yambani ndi mkangano. Wolemba kuti "nkhani ndi yoti kodi pali mgwirizano" wangogwira pamwamba, mpatseni 1. Malikisi onse atatu ndi a yemwe waona mafunso awiri obisika: kodi uthenga wa Lachiwiri unali kukana mtengo n'kupereka wina, kapena kungofunsa chabe? Nanga kugulitsa njinga mwakachetechete Lachitatu kunachotsa mwayi womwe wogula anapatsidwa?

Pa lamulo, yang'anani mfundo ndi gwero lake. Makhoti a ku Malawi amatsatirabe milandu yakale ya ku Mangalande pa nkhani za mgwirizano, ndiye iwiri iyenera kuoneka. Mu mlandu wa Hyde ndi Wrench wa 1840, munda unkagulitsidwa mapaundi 1,000, wogula, Hyde, anati apereka 950, atakanidwa n'kubwerera ku 1,000. Khoti linati palibe mgwirizano chifukwa mtengo wake watsopano unapha woyamba uja. Mu mlandu wa Stevenson ndi McLean wa 1880, wogula zitsulo anangofunsa ngati katunduyo angaperekedwe pang'onopang'ono m'miyezi iwiri, ndipo khoti linati kufunsa si kukana. Mlandu womwewu unatsindikanso kuti wobweza mawu ake ayenera kudziwitsa mnzakeyo asanavomere. Yemwe wafotokoza mfundo molondola koma waiwala chaka musamulange, koma wongotchula mayina a milandu osanena zomwe inagamula asapitirire 2.

Gawo lachitatu ndi limene limasiyanitsa ophunzira, ndipo m'pamene ochonga ambiri amanyengeka ndi tsamba lodzaza. Tengani cholembera, mudule mzere pansi pa mfundo iliyonse yochokera m'funso imene wophunzira waimangirira ku lamulo. Ngati ndime yonse yatha opanda Lachiwiri, Lachitatu kapena mawu enieni a wogula, ndiye kuti wophunzirayo akungobwereza lamulo, ndipo zimenezo munamulipira kale m'gawo lachiwiri.

Taonani mayankho awiri awa. Woyamba walemba kuti, "Potsatira mlandu wa Stevenson, uku kunali kufunsa chabe." Wachiwiri walemba kuti, "Wogula anayamba ndi 'kodi mungalole', sanatchule mtengo wina, ndipo sananene kuti akapanda kuloledwa sagula. Choncho akufanana ndi wogula zitsulo uja, osati Hyde amene anatsitsa mtengo." Onse afika pa yankho limodzi, koma woyamba walumpha ntchito yonse. Pa malikisi 4 a mfundo imeneyi, woyamba atenge 1, wachiwiri atenge onse. Malikisi 3 ena ndi a woona kuti wogulitsa anali ndi ufulu wobweza mawu ake Lachisanu lisanafike, popeza wogula sanalipire kanthu kuti amusungire njingayo, koma kuti sanamudziwitse, ndipo wogulayo sanamve za malondawo kwa wina aliyense. Awiri otsalawo sungirani amene wayesa kuganiza ngati loya wa mbali inayo: wogulitsa angathe kunena kuti kulipira kawiri n'kusintha kalipiridwe, choncho ndi mtengo watsopano. Wophunzira amene watchula zimenezi n'kuziyankha ndiye wamvetsa phunziroli.

Pomaliza onani chigamulo. Chiyenera kutuluka m'zomwe wophunzira wafotokoza ndipo chilankhule kwa wogula: mgwirizano unamangidwa Lachinayi, wogulitsa wauphwanya, ndipo wogula angapemphe chipukutamisozi. Wina akagamula kuti mgwirizano palibe, atatsatira bwino ganizo loti kulipira kawiri kunali mtengo watsopano, musamumane malikisi chifukwa choti wasiyana ndi yankho lanu. Amene muyenera kumudula ndi wonena kuti kunali kufunsa chabe kenako n'kugamula kuti mwayi unafa Lachiwiri, komanso wothawira ku mawu oti "khoti ndilo lidzaone".

Mukachonga mapepala asanu oyamba, abwerezeninso mutafika pakati pa mulu, chifukwa dzanja limayamba lolimba n'kumafewa. Pambali pa gawo lililonse lembani malikisi ake ndi chomwe chasowa, monga "sunagwiritse ntchito mawu a Lachiwiri", kuti wophunzira akadandaula, wochonga wachiwiri aone pomwe malikisiwo anatayikira.