Kasitomala mmodzi mumamugula zingati, nanga amakubwezerani zingati?

Ambiri amene timagulitsa zakudya zakumudzi kuno ku Joni timadziwa pamtima mtengo wa thumba la mpunga wa Kilombero ndi wa ndowa ya usipa. Koma mutifunse kuti tinawononga zingati kuti kasitomala watsopano mmodzi atipeze, timangokanda mutu. Chikhalirecho kasitomala nayenso timachita kugula, ndipo bizinesi imadwala tikamamugula modula kuposa zimene adzatisiyire.

Tiyerekeze kuti inu, mayi, mumaperekera katundu m'makomo. Mwezi uno mwalipira R600 yotsatsa pa Facebook, R300 yosindikiza timapepala, R200 ya mayunitsi ndi bandulo, ndiponso R400 ya petulo woperekera katundu ulere kwa ogula koyamba. Zonse pamodzi ndi R1,500. Atsopano amene analipiradi ndi 6. Mukagawa, aliyense mwamugula R250. Nambala imeneyi m'mabuku a bizinesi amailemba CAC. Musawerengeko aja ofunsa pa WhatsApp kuti "chambo chilipo?" kenako n'kuti zii. Kasitomala ndi amene watulutsa ndalama.

Nambala yachiwiri, imene amailemba CLV, ndi phindu lonse limene munthu adzakusiyireni kuyambira tsiku loyamba kufikira atasiya kugula. Apa ndi pamene ambiri timadzinamiza. Munthu akamagula za R400 mwezi uliwonse, R400 yonseyo si yanu. Chotsani mtengo wopikulira, ndalama ya woyendetsa katundu kuchokera kumudzi, mapepala okulungira ndi petulo. Tinene kuti kwatsala R100.

Nanga adzagula miyezi ingati? Kope lanu likuuzani. Ngati muli ndi makasitomala 40 ndipo mwezi uliwonse 4 amasowa osabweranso, ndiye kuti mukutaya mmodzi pa 10 alionse, kutanthauza kuti munthu amakhala nanu miyezi pafupifupi 10. Kuchulukitsa R100 ndi 10, mupeza R1,000. Mwamugula R250, akusiyirani R1,000: pa randi iliyonse yomufunira mukubweza marandi 4. Mukadawerengera R400 yonse imene amagulira ija, mukadapeza marandi 16 n'kuyamba kumwaza ndalama pa zotsatsa mukuganiza kuti mwalemera.

Anthu a bizinesi amakonda kunena kuti phindu la kasitomala lizikhala kuwirikiza katatu mtengo womupezera. Si lamulo, koma chifukwa chake n'chomveka. Pa R750 yotsalayo ndi pamene pachoke lendi ya chipinda chosungira katundu, magetsi a firiji, nsomba zowonongeka panjira, malipiro anu, ndi kangachepe kotumiza kumudzi. Phindu la kasitomala likafanana ndi mtengo womupezera, mukugwira ganyu yaulere.

Chimene ndikufuna muchisamale kwambiri ndi ichi: marandi 4 aja akhoza kubisa bala. Gawani anthu 6 aja potengera njira imene anadzera. Mwina a pa Facebook ndi awiri okha, ndiye aliyense anadya R300 ya kutsatsa kokha. Anagula kawiri, n'kupeza wina wotchipa ndi R10, basi anapita. Aliyense anasiya R200, yosakwana ndi imene munamugulira. Anayi enawo anatola kapepala kanu kutchalitchi kapena kumsikiti, ndipo mpaka pano akugula, enanso abweretsa alamu awo. Pamenepo mwaona pofunika kuika ndalama. Kumuchotsera R50 kasitomala wakale aliyense wokubweretserani mnzake n'kotchipa kuposa R300 ija. Ndiye wogula watsopano aliyense muzimufunsa kuti, "Achimwene, munamva kwa ndani za ine?" ndipo yankholo mulilembe pambali pa dzina lake.

Palinso nkhani ya nthawi. Wa R250 uja, pa R100 pamwezi, amamaliza kubweza ndalama yanu m'mwezi wachitatu. Mukafuna anthu 20 nthawi imodzi, R5,000 yatuluka lero, koma ibwerera pang'onopang'ono, pamene oda yotsatira ya mpunga ikufuna kashi. Bizinesi yopindula papepala imatha kugwa chonchi.

Makasitomala athu ndi anthu apaulendo. Ntchito ikatha amasamukira ku Durban kapena ku Cape Town, ena akapita kumudzi mu Disembala sabwerako, ena mapepala awo amatha. N'chifukwa chake ine sindiwerengera munthu kupitirira chaka chimodzi, ngakhale akhale wokhulupirika bwanji. Wotenga pangongole n'kusowa, R300 ya katundu wanuyo muichotse pa phindu lake. Yafufuta miyezi itatu yathunthu. Ndipo ngati bizinesi yanu sinakwanitse miyezi 6, musathamangire kukhulupirira miyezi 10 ija. Werengerani miyezi yokhayo imene anthu agula kale, ndipo mwezi uliwonse ukatha muziwerengeranso ndi kope lili pamwendo.