Musanadinde chala pa fomu ya kafukufuku wa mankhwala

Makolo anzanga, ofufuza akakupemphani kuti inu kapena mwana wanu mulowe mu kafukufuku wa mankhwala atsopano, dziwani kaye kuti amenewo sanatsimikizike. Amayesedwa pa anthu ochepa poyamba kuti aone ngati savulaza, kenako pa mazana angapo, pomaliza pa anthu zikwizikwi.

Mu 2018, ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa mu kafukufuku wa katemera wa tayifodi. Theka linabayidwa wa tayifodiyo, theka lina wa matenda oumitsa khosi. Gulu limene mwana agwere linkasankhidwa mwamaere, ndipo kholo ngakhalenso namwino womupima sankadziwa kuti mwanayu walandira uti. Si chinyengo ayi. Akanadziwa, mwina akanamayang'anitsitsa gulu limodzi kuposa linzake, zotsatira n'kupotoka. Atawerenga odwala, anapeza kuti katemerayu amachepetsa tayifodi ndi pafupifupi 80 peresenti, ndipo mu 2023 boma linayamba kumupereka m'dziko lonse.

Choncho funso loyamba likhale ili: "Kodi ndikagwera gulu linalo ndilandira chiyani?" M'kafukufuku wina amapereka mankhwala akale, kwina mapilitsi opanda mphamvu iliyonse. Fomu ya chilolezo iyenera kunena zimenezi poyera, m'chilankhulo chimene mumamva, pamodzi ndi zovuta zodziwika kale, monga kutentha thupi kapena kutupa pobayidwa. Ngati atenga magazi, ifotokoze kuchuluka kwake, kangati, ndi kumene akasungidwe. Pamenepa funsitsani, chifukwa mphekesera za magazi zimamera pomwe anthu sanauzidwe bwino.

Ngati simutha kuwerenga, pakhale mboni yosagwira ntchito m'kafukufukuyo, imve zonse, inu mudinde chala, iyo isayine. Mwana amamulolera ndi kholo, koma wokulirapo amafunsidwanso yekha. Kope limodzi mupite nalo kwanu. Palembedwa nambala ya foni ya ofufuza ndi ya komiti yomwe inavomereza ntchitoyo, kaya ya ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS kapena ya boma yotchedwa NHSRC. Bungwe la boma loyang'anira mankhwala la PMRA nalonso limayenera kuloleza, ndipo m'kafukufuku wamkulu pamakhala gulu la akatswiri lapadera lotha kuimitsa zonse likaona anthu akuvulala.

Kukana ndi ufulu wanu, kutuluka pakati panjira n'chimodzimodzi, ndipo chithandizo chanu cha kuchipatala sichichotsedwa. Ndalama yomwe amapereka ndi yobwezera thiransipoti ndi nthawi yanu, isakukopeni. Munthu akamakufulumizitsani kuti musayine pompo, akamalonjeza kuti muchira ndithu, kapena akakana kukupatsani kope, bwererani kaye mukaganize ndi akunyumba. Mukalowa, thupi likasintha mwachilendo, imbani nambala ija tsiku lomwelo, osadikira tsiku limene anakulemberani.